Msinkhu wanga ukundimanitsa ntchito yolandira alendo?

Abale a kuno ku Joni, ndithandizeni maganizo. Ndine mayi wa msinkhu wa mamita 1.52, ndipo ndikufunsira ntchito yolandira alendo pa malo odyera ku Sandton. Chikalata cha ntchito sichikutchula msinkhu, koma bwana wandiuza pakamwa kuti ndizivala nsapato za gogoda za masentimita 8 kuti makasitomala azindilemekeza. Mwamuna wamfupi ngati ine sanamuuze za nsapato, angomukankhira kukhitchini ati pakhomo pamafunika wooneka ngati bwana. Gogoda pa shifiti ya maola 9 amapanikiza zala ndi kupweteketsa msana.

Ndikudziwa kuti Employment Equity Act ya 1998 imaletsa tsankho ngakhale kwa wofunsira ntchito, ndipo dandaulo limapita ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito, pasanathe miyezi 6. Koma msinkhu sunatchulidwe mwachindunji. Kodi ndidandaule ngati tsankho la pakati pa amuna ndi akazi? Nanga mawu apakamwa ndiwasandutse bwanji umboni, ndimupemphe alembe pa WhatsApp?