Nyanja yapendekeka pa chithunzi, ndikaiwongola makona akutsala opanda kanthu

Wofunsa: Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni. Ndili ndi chithunzi cha 6000 x 4000, munthu waima pakati m'mphepete mwa nyanja, koma mzere womwe madzi akumanirana ndi thambo watsikira kumanja. Ndikatembenuza mu GIMP makona anayi akutsala opanda kanthu, ndikati ndidule, mapazi akudukira limodzi. Pansi pa mapazi pali mchenga wa mapikiselo 100 okha. Ndikulakwitsa pati?

Woyankha woyamba: Musamatembenuze mongoyerekeza ndi maso. Dinani Shift+M kuti mutenge Measure, kokani mzere kuchokera kumanzere kwenikweni kwa madziwo mpaka kumanja kwenikweni, osati kadera kakafupi, chifukwa pa kamzere kakafupi kuphonya ndi mapikiselo awiri kumasokoneza muyezo wonse. Pa Clipping sankhani Crop with aspect, kenako dinani Straighten. Iwongola n'kudula yokha. Tiuzeni madigiri omwe yawerenga.

Wofunsa: Yalemba 3. Koma mapazi adukabe.

Woyankha woyamba: Ndiye simukulakwitsa, ndi masamu ake. Pa madigiri 3, chithunzi chachikulu chomwe chingatuluke chopanda makona, mulitali ndi mulifupi zikugwirizana ngati poyamba, ndi cha pafupifupi 5570 x 3714. Mwa magawo 100 aliwonse mwataya 14. Akanakhala digiri imodzi mukanataya 5 okha, pa madigiri 5 mukanataya 21.

Chomwe chaduka pansipo si chamuyezo umodzi, chili ngati kagawo kosongoka mbali imodzi. Ku kona imodzi sikukuduka kanthu, ku inayo kukuduka mapikiselo pafupifupi 290, pakati pomwe paima munthu wanuyo pafupifupi 145. Inu muli ndi 100, n'chifukwa chake zala zikupita.

Mankhwala ake ndi kuchepetsa m'mbali. Pa Clipping sankhani Adjust kuti isadule, mudule nokha ndi Shift+C. Bokosi lodulira likamapanikizika m'mbali, limatha kutsika pansi osagunda kona yopanda kanthu. Likafika mapikiselo 3000 m'lifupi, munthuyo ali pakati pake, pansi pa mapazi pangoduka pafupifupi 80, mutsala ndi 20. Ndi pang'ono, ndipo chithunzi chisanduka choimirira, koma mapazi apulumuka.

Woyankha wachiwiri: Bwanji osangokokera makonawo kunja ndi Scale mpaka adzaze? Palibe chotayika pamenepo.

Woyankha woyamba: Chimatayika ndithu, achimwene. Kukulitsa mpaka makona atuluke kunja n'kudula komweko, kungoti mwafufumitsa mapikiselo otsalawo kuti akwanenso 6000. Mapazi atulukira kunja chimodzimodzi. Mukakoka mbali imodzi yokha munthu anenepa kapena atalika.

Woyankha wachitatu: Ine sindingalole kutaya theka la nyanja chifukwa cha mapazi. Dulani bwino makona atatuwo, yapansi yomwe ikukuvutaniyo muisiye, muidzaze ndi Clone potengera mchenga wapafupi. Mu Photoshop ndi kungosankha Content-Aware pa Crop. Pa mchenga, thambo ndi madzi odekha zimabisika. Pa mpanda, zilembo kapena mwendo wa munthu zimaonekera, mizere imathyoka. Mukatha kulitsani pa 100% muone ngati mwala umodzi sukuoneka kawiri.

Woyankha wachinayi: Changa chikundizunguza mutu. Ndawongola, koma pakati madzi akwera, m'mbali monse atsika ngati uta. Ndionjezere madigiri angati?

Woyankha woyamba: Amayi, chanucho si kupendekeka, ndi lenzi yotambalala yomwe imapinda mizere ya kufupi ndi m'mphepete. Kutembenuza sikungachize. Yambani ndi Lens Distortion mu Filters, pansi pa Distorts, kapena Enable Profile Corrections ngati muli mu Lightroom. Mzere ukawongoka m'pamene muyeze madigiri, kudula kukhale komaliza, chifukwa kukonza lenzi nako kumasuntha m'mphepete.

Woyankha wachitatu: Chinanso kwa ofunsa aja, onetsetsani kuti mzerewo ndi wa madzi ndi thambo zenizeni. Ngati kutsidya kukuoneka mtunda kapena mapiri, gombe lopita chopingasa limaoneka ngati lapendekeka pomwe kamera inali bwinobwino. Zikatero yezerani mtengo wamagetsi kapena khoma la pakati pa chithunzi. Komanso mukaphonya bwererani ndi Ctrl+Z muyambirenso, osatembenuza pamwamba pa chotembenuza kale. Ulendo uliwonse pulogalamu imawerengeranso mapikiselo, tsitsi ndi mchenga zimayamba kuoneka mwachimbuuzi.

Woyankha wachiwiri: Nanga kungowongola madigiri 2, imodziyo n'kuisiya? Pakati pangoduka pafupifupi 100.

Woyankha woyamba: Digiri imodzi pa chithunzi chotambalala chonchi ndi kusiyana kwa mapikiselo pafupifupi 100 pakati pa kumanzere ndi kumanja. Pa mapiri zingabisike, pa nyanja diso ligwira msanga.

Wofunsa: Ndi madzi ndi thambo basi, kulibe mapiri. Ndiyamba ndi ya Clone ija pa kona yapansi, ikaoneka yonama ndidula choimirira. Koma pa konayo pali thovu la mafunde pang'ono. Kodi nalonso limabisika ngati mchenga?