"Mako ndi mako angachepe mwendo": ungakhale pa menyu ya Tsiku la Amayi?

Wa ku Kapata:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndimagwira ntchito pa lesitilanti ina kuno ku Chipata, ndipo abwana andiuza kuti ndilembe kakhadi ka chakudya cha Tsiku la Amayi, Sondo yachiwiri ya Meyi. Zakudya ndi zinayi basi: nsima ndi nkhuku yakumudzi, nkhwani wotendera, futali ndi thobwa. Pamwamba ndaika mwambi uja wakuti "Mako ndi mako angachepe mwendo", pansi pake ndalemba kuti "Bwerani nawo amayi, lero apumeko pa mthiko." Ine ndinaona ngati zakoma. Koma amayi amene amatiphikira atawerenga anangopukuta manja pachitenje n'kubwerera ku mbaula osanena kanthu. Kodi mwendo wochepawo ndi chiyani kwenikweni? Ndisanapite nako kosindikiza.

Mnyamata wa njinga:
Kikiki, achemwali, mzere womwewo pansi pake pali nkhuku? Ine nditawerenga ndingati mukupepesa pasadakhale kuti mwendo wa nkhukuyo ndi waung'ono.

Mayi wa ku Mchini:
Iwe khala chete. Ine ndimamva kuti kuchepa mwendo ndi kusayendayenda. Mayi amene sanapiteko kutali, ngakhale Lusaka sakuidziwa, ndi mayi wakobe. Ndiye ndi mawu otamanda, alembeni.

Mphunzitsi wopuma, Katete:
Amayi a ku Mchini, mwagwira mchira wake koma mutu mwausiya. Mwendo wochepa ndi mwendo wopuwala, wowonda kapena wofupika kuposa unzake, monga tinkaonera kale pa anthu amene anadwala poliyo ali ana. "Angachepe" ndi "ngakhale achepe". Kuchokera pa mwendopo mwambi umafika pa chilichonse chimene mwana angachite nacho manyazi: umphawi wa mayi, kusaphunzira, chitenje chakutha, ndi kusayenda kumene mwanenako. Koma si mawu otamanda ayi. Ndi chidzudzulo. Amanena ndi wamkulu, atsibweni kapena agogo, kwa mwana amene wapeza ntchito mtauni, ndiye amake atabwera ndi dengu la maungu pamutu akuuza anzake kuti ndi munthu chabe wa kumudzi kwawo.

Tsono mwanawe, ganiza amene adzagwire kakhadiko. Woyamba ndi mwana amene wasunga ndalama zake, wakatenga amake, wawakhazika pampando. Ameneyo walakwa chiyani kuti umudzudzule? Wachiwiri ndi mayi mwini. Avala chitenje chatsopano, atsegula kakhadi, chinthu choyamba kuwerenga n'chakuti ali ndi chilema koma tingowapirira. Ndikhulupirira ndi chimene ophika ako anaona.

Palinso liwu lakuti "mako". Ka "-ko" kameneko ndi ka "iwe". M'kamwa mwa agogo polankhula ndi mdzukulu kalibe vuto. "Amake" ndiye ulemu weniweni, timati amake uje poitana mayi ndi dzina la mwana wake. Koma "mako" kapena "amako" kwa munthu wosamudziwa, pita pa siteshoni ya basi ukamve mmene amaligwiritsira ntchito anyamata akayambana. Lesitilanti siingauze kasitomala kuti iwe.

Wa ku Kapata:
Mayo ine! Zikomo aphunzitsi. Nanga nditasintha kuti "Amayi ndi amayi angachepe mwendo"?

Mphunzitsi wopuma, Katete:
Ulemu wabwera, mwendo ukadali pomwepo. Ndiponso mwambi ukausita motero umamveka ngati wobwereka. Ukadula n'kusiya "Mayi ndi mayi" pokha, aliyense wodziwa Chichewa amalizitsa yekha mumtima. Ine ndikanausiya.

Bambo wa ku Navutika:
Ine ndikutsutsako pang'ono aphunzitsi. Amayi anga anamwalira ndili mu giredi 3, anandilera ndi amayi aang'ono ku Chadiza. Iwo ankayenda motsimphina ndithu, ndipo mwambi umenewu ankaunena okha akuseka, akundipakulira nsima. Kwa ine ndi mawu okoma kwambiri. Ndikanauona pa khadi ndikanalira, osati kukwiya. Chimene ndikupempha n'china: musalembe ngati aliyense adzabwera ndi mayi womubereka. Kwathu kuno mng'ono kapena mkulu wa amayi ako ndi amayi ako, sitinena kuti anti. Ena adzabwera ndi agogo, ena ndi apongozi, ena okha.

Mphunzitsi wopuma, Katete:
Pepani bambo, ndakumvani. Koma onani kuti ankanena ndi iwo eni ake mwendo. Mwini akadziseka ndi china, mlendo akamuseka ndi china.

Wophika pa maukwati:
Za mwambi ndasiyira aphunzitsi. Ine nkhawa yanga ili pa mizere ya pansi pa zakudya, chifukwa ndikudziwa mudzalemba kuti "monga amaphikira amayi". Musalembe zimenezo ngati kukhitchini mukutendera ndi chiponde cha m'botolo. Mayi wachikulire amadziwa pa nthongo yoyamba. Nkhwani wake amayamba wausadzula, kuchotsa ulusi wa m'mapesi tsamba ndi tsamba, nsinjiro zake ndi za mtedza wosinja mumtondo ndi kusefa, ndipo amazithira pamwamba ndiwo zitafewa, n'kuvundikira kaye osatakasa msanga. Ngati mukuchita zimenezo, lembani zimenezo. Chinthu chimodzi chooneka ndi maso chimakhudza mtima kuposa mawu akuti chikondi katatu. Futali mwasankha bwino, Meyi mbatata ndi mtedza zonse ndi zatsopano. Koma nkhwani ukhala ukutha m'minda, mukafunse a kumadimba msanga, kapena mukhale ndi mfutso pambali.

Wa ku Kapata:
Timasinja ndithu amama, mtondo uli kuseri. Ndalembanso motere, mundiuze:

Kwa onse amene anatilera

Nsima ndi nkhuku yakumudzi. Kale chiwalo chabwino chinkapita kwa alendo. Lero ndi chanu.
Nkhwani wotendera. Wosadzula ndi manja, nsinjiro za mumtondo.
Futali. Mbatata ndi mtedza za chaka chino.
Thobwa. Mwani mofatsa, mbale titsuka ndife.

Pansi penipeni ndikufuna kuika kuti: "Zikomo chifukwa cha mkute umene munkatisungira."

Bambo wa ku Navutika:
Mzere wa nkhukuwo wandigwira. Amayi aang'ono ankadya khosi ndi mapazi, amvekere ndi zimene amakonda. Ndinazindikira ndili wamkulu kale.

Mnyamata wa njinga:
Mkute ndiye chiyaninso? Si chimbala chimenecho? Mukufuna anthu aganize kuti mukuwapatsa nsima ya dzulo?

Mayi wa ku Mchini:
Ndi chomwecho, nsima yogona. Koma iwe sunapiteko kusukulu m'mawa wa Juni utadya mkute wootcha pamakala, amako atausunga m'mbale yovundikira kuti usapite ndi njala? Asauchotse mzerewo.

Wophika pa maukwati:
Mwaona, mwanena "amako" inunso! Ine pa mkute ndili mbali ya mnyamatayu. Liwu limenelo pa pepala la chakudya chogulitsa likundiopsa, wina adzaliwerenga mothamanga n'kuyamba kununkhiza nsima. Bwanji "nkhoko"? Mayi ankapakulira onse, iye n'kutsala ndi za pansi pa mphika.

Mphunzitsi wopuma, Katete:
Nkhoko ana ankalimbirana, sizimveka ngati mayi wadzimana. Mkute uli bwino, ungoutalikitsa ndi mndandanda wa zakudya, kapena uuike kuseri kwa khadi.

Wa ku Kapata:
Ndawaonetsa ophika athu aja. Pa thobwa aseka, ati mbale amatsuka ndi iwo omwe ndipo nawonso ali ndi ana 5, ndiye tsikulo nditsuke ndine. Pa mkute ati ndidikire, ayambe awerengera amayi awo pafoni madzulo ano.