Dzina losiyana pa pasipoti ndi pa chiphaso cha unzika: m'mene zathera

"Ndilembe dzina liti pogula tikiti ya ndege, popeza dzina la makolo anga lili ndi chilembo l pa pasipoti, pamene pa chiphaso cha unzika lili ndi r?"

Limeneli ndi funso limene ndinafunsa poyamba paja. Ndabweranso kudzakudziwitsani kuti tikiti ija ndinagula ndi dzina la pa pasipoti, chifukwa pa ulendo wakunja ogwira ntchito pa bwalo la ndege la Kamuzu amayerekeza tikiti ndi pasipoti, osati ndi chiphaso. Ndinakopera zilembo chimodzichimodzi kuchokera pa mizere iwiri ya m'munsi mwa tsamba la chithunzi, imene makina amawerenga, n'kusiya zizindikiro za `<` zimene zimangoimira mipata.

Chimene chinandidetsa nkhawa ndi pempho la viza, pakuti kalata ya ku banki inatuluka ndi r, potsatira chiphaso. Ndinapita kwa loya kuno ku Lilongwe kukalumbira kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi, ndipo kalata yolumbirayo ndinaiphatikiza ndi mapepala enawo. Kalatayo imangofotokoza kusiyanako, sikonza dzina, choncho ndikabwerako ndidzapita ku NRB kukapempha kuti chiphaso chifanane ndi pasipoti.