Mutu wa m'buku: ndichepetse bwanji njira za kafukufuku?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikusandutsa mutu wachinayi wa kafukufuku wanga wa digiri, wokhudza amayi ogulitsa tomato mumsika wa Lizulu kuno ku Lilongwe, kuti ukalowe m'buku lowerengedwa ndi ophunzira a m'nthambi zosiyanasiyana. Mkonzi akuti gawo la njira za kafukufuku likhale ndime ziwiri basi.

Tebulo la mafunso ndalichotsa kale. Chikundivuta n'chakuti amayi osankhidwawo ankandilozera anzawo, ndiye ogula pangongole kwa alimi, omwe sadziwana ndi gululo, anachepa. Ndikapanda kutchula zimenezi, owerenga adzaganiza kuti zotsatirazo n'za msika wonse. Kodi ndiziike m'ndime ziwirizo, kapena pomwe ndikufotokoza zotsatira? Nanga chilolezo cha komiti yowunika kafukufuku, chiganizo chimodzi chikwanira?