RSI ili pa 78 koma SMA 50 ikulozabe m'mwamba: chonama ndi chiti?

Wosokonezeka: Akuluakulu, ndithandizeni. Mlamu wanga, amene anandikopa kuti ndiyambe malonda a masheya, anandiuza kuti RSI, chizindikiro choyeza mphamvu ya kukwera ndi kutsika kwa mtengo, ikadutsa 70 ndizigulitsa chifukwa mtengo umakhala utakwera mopyola muyeso. Ndinagulitsa itafika pa 72, koma mtengo unapitiriza kukwera, ndipo lero RSI ili pa 78 pamene mzere wa SMA 50, womwe ndi avareji ya mitengo 50 yapitayi, ukulozabe m'mwamba. Mlamuyo sakuyankhanso foni chimukumbutsireni za ngongole yake, ndipo akazi anga akuti ndisawavutitse achimwene awo. Kodi pa zizindikiro ziwirizi chonama ndi chiti?

Mwini200: Achimwene, fufutani RSI pa tchati chanu lero lomwe. Ine ndimayang'ana SMA 200 yokha: mtengo ukakhala pamwamba pake ndimagula, ukatsikira pansi pake ndimatuluka, ndipo zina zonsezi n'zoseweretsa ana.

Nachisale: Bambo, simunatiuze chinthu chachikulu: kandulo iliyonse pa tchati chanu, kabokosi kosonyeza mmene mtengo wayendera, ikuimira nthawi yaitali bwanji? RSI imawerengera makandulo 14, kotero pa tchati cha mphindi 5 ikunena za mphindi 70 zokha, pamene SMA 50 ya pa tchati cha masiku ikunena za masabata khumi a malonda.

Palibe chimene chakunamizani. J. Welles Wilder, amene anafalitsa RSI mu 1978, anaikonza kuti iziyerekezera avareji ya kukwera ndi avareji ya kutsika:

```
RS = avareji ya kukwera / avareji ya kutsika
RSI = 100 - 100 / (1 + RS)
```

Ngati avareji ya kukwera ndi 3 ndipo ya kutsika ndi 1, RS ndi 3 ndipo RSI ndi 75. Ngati manambalawo ali 0.3 ndi 0.1, RSI ndi 75 yemweyo, ngakhale kuti mtengo wasuntha pang'ono chabe. Nambalayi sikunena kuti sheya yadula, ikungonena kuti posachedwapa kukwera kwaposa kutsika katatu. Msika ukamakwera mwamphamvu, RSI ikhoza kukhala pamwamba pa 70 kwa masabata angapo, ndipo wogulitsa pa 72 amatsala m'mbuyo monga mwatsaliramu.

Tsokalanga: Ine zinandionekera mbali inayo. Ndinagula RSI ili pa 25 poganiza kuti mtengo wafika pansi penipeni, koma unapitiriza kugwa mpaka ndinagulitsa motaya. Chimene ndikudziwa n'chakuti RSI imayerekezera sheya yanu ndi masheya ena a pamsika, choncho msika wonse ukagwa imasokonezeka.

Nachisale: Pepani ndi zimene zinakuchitikirani, koma RSI siyang'ana sheya ina iliyonse. Imayerekezera masiku okwera ndi masiku otsika a sheya imodzi yomweyo.

Mwini200: Mwaona? Ngakhale oikonda sakugwirizana za ntchito yake. SMA 50 ikadutsa pamwamba pa SMA 200 mtengo umakwera, ndipo ndalankhula zimenezi kambirimbiri koma anthu samva.

Wowerengera: Akulu, nthawi zina umakweradi, koma mzere wanuwo ndi avareji ya mitengo yakale, ndipo pakati pa mitengo 200 imene ukuwerengera pali pafupifupi masiku 100 m'mbuyo. Pofika nthawi imene mizere iwiriyo ikudutsana, mtengo umakhala utayenda kale mtunda wautali, ndipo pamsika umene ukungoyendayenda malo amodzi mizereyo imadutsana mobwerezabwereza, munthu n'kumagula pamwamba, kugulitsa pansi.

Palinso msampha umene ambiri sauona. Tengani mitengo ya masiku asanu: 20, 10, 10, 11, 12. Avareji yake ndi 12.6. Mawa mtengo ukakwera kufika 13, nambala 20 ija imatuluka m'chiwerengero ndipo avareji imatsika kufika 11.2. Mzere waloza pansi pamene mtengo ukukwera, chifukwa cha tsiku lakale limene latuluka, osati chifukwa cha zalero. EMA, womwe ndi mtundu wina wa avareji ya mitengo, imachepetsa vutoli popatsa mitengo yatsopano mphamvu zambiri, koma nayonso imatsatira m'mbuyo.

Chiseko: Mwa zizindikiro zonse zimene zatchulidwa pano, chodalirika ndi foni ya mlamu: ikasiya kuyankhidwa, ngongole yapita.

Wosokonezeka: Zikomo nonse. Kodi ndigulenso tsopano, kapena ndidikire RSI ifike pa 30? Mlamuyo wawerenga uthenga wanga koma sanayankhe.

Nachisale: Ngati kukweraku kuli kwamphamvu, RSI ikhoza kungotsikira cha m'ma 40 n'kubwereranso osafika pa 30. Bwererani m'mbuyo pa tchati chomwecho, muone nthawi zonse pamene inadutsa 70 ndi zimene mtengo unachita pambuyo pake. Koma funso langa la kutalika kwa kandulo simunaliyankhebe.

Mwini200: Mayi, kutalika kwa kandulo kulibe ntchito kwa munthu wotsatira SMA 200.

Wowerengera: Kuli ndi ntchito, akulu, chifukwa SMA 200 ya pa tchati cha mphindi 5 sikwana ngakhale maola 17.