Nyale za sola za feki, bokosi limaulula lokha

Wa pa Mchesi: Abale ndithandizeni. Nyale za sola zomwe ndinapikula mwezi watha makasitomala akubweza, akuti ikayaka ikangofika 8 koloko yazima, pomwe pabokosi analemba maola 12. Pano wina akundipatsa katoni ina motchipa, dzina lake ndi la kampani ina yodziwika, ndiye ndingadziwe bwanji ndisanapereke ndalama?

Mayi a ku Limbe: Onani chizindikiro cha CE achimwene, chija chosonyeza kuti katundu akutsata miyezo ya ku Ulaya, ine ngati palibe chimenecho sindigula.

Mkulu wa ku Mzuzu: CE yo mayi aliyense amene ali ndi makina osindikizira atha kuika, za feki zambiri ili pomwepo. Ndikuuzeni za mayi wina amene timayandikana benchi. Naye zinamuchitikira chonchi, anthu kubweza nyale mpaka ena kumunena kuti ndi wakuba. Ndiye anatenga bokosi la nyale imene mwana wake wakhala akuwerengera zaka ziwiri osavuta, naliika pambali pa bokosi la zatsopanozo, tsiku lonse akungoyang'ana poti makasitomala kunalibe. Mtundu wake wofanana ndithu, koma pa latsopanolo zilembo zing'onozing'ono za kumbuyo zinali zosaoneka bwino ngati anachita kujambula bokosi lenileni nkusindikizanso, adilesi ya kampani panalibe, nambala ya foni panalibe, mkati munalibe kapepala ka waranti. Koma chimene chinamutsegula maso ndi siliyo nambala. Anakhuthula katoni yonse pansi nkuyamba kuwerenga kasitika ka bokosi lililonse, mabokosi onse nambala imodzimodzi! Nthawi zambiri nyale yeniyeni imakhala ndi nambala yakeyake, ndipo ikalembedwa pabokosi ndi panyale pomwe ziyenera kugwirizana. Kuyambira pamenepo mayi uja akapita kokaoda amatulutsa mabokosi atatu, la pamwamba, la pakati ndi la pansi, chifukwa ena amaika zenizeni pamwamba pokha.

Wa ku Dedza: Inetu inveta yanga ikulira usiku onse batire ikatsika, kodi nayonso ndi feki?

Mkulu wa ku Mzuzu: Imeneyo ndi nkhani ina aise, pano tikunena nyale zing'onozing'ono zowerengera. Achimwene a pa Mchesi, tatiwerengereni zomwe zalembedwa pa bokosi la zomwe akubwezazo.

Wa pa Mchesi: Palembedwa 50W, batire 1200mAh 3.7V, maola 12. Kapanelo kake ndayeza ndi lula, masentimita 10 uku 10 uku.

Mkulu wa ku Mzuzu: Basi bokosilo ladziulula lokha. Panelo ya 10 kwa 10 ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo imapereka mawati awiri osapitirira, nthawi zambiri imodzi ndi theka, ndiye 50 yo ikuchokera kuti? Tibwere pa batire. 1200mAh ndi 1.2Ah, muchulukitse ndi 3.7 mupeza 4.4, kutanthauza kuti nyale yodya wati imodzi iyaka maola anayi ndi pang'ono batire itadzadza bwinobwino. Mukayatsa 6 koloko, pofika 10 yatha. Zanuzo zikuzima 8 ndiye kuti mwina ngakhale 1200 yo ndi bodza, kapena kapanelo sikakudzadzitsa batire pa tsiku limodzi. Makampani enieni sakonda kukuwa ndi mawati akuluakulu, amalemba kuwala kwake mu ma lumeni, komanso maola amene iyake pa kuwala kwambiri ndi pa kuwala pang'ono ikatchajidwa tsiku limodzi.

Mayi a ku Limbe: Koma ine ndimanyamulanso m'manja, yenieni imalemerako.

Mkulu wa ku Mzuzu: Pamenepo mwalondola pang'ono, yopepuka kwambiri ikayikireni. Koma mabatire ena a 18650, otchaja obulungira aja, anthu anawatsegulapo nkupeza kabatire kakang'ono mkati, kwinako mchenga. Ndipo mukaona batire imodzi ya 18650 yolembedwa 9900mAh dziwani kuti kulibe yotero, zabwino zenizeni zimathera cha m'ma 3500. Katoni yatsopanoyo achimwene, tengani dzina ndi nambala ya modelo mufufuze pa mndandanda wa VeraSol pa intaneti, amaika nyale zomwe zinayesedwa ku labu. Koma samalani, modelo kupezeka pamenepo sizikutanthauza kuti bokosi lili m'manja mwanulo ndi lenileni, akuba amakopera dzina lomwelo. Nchifukwa chake siliyo ija muyang'anebe, ndipo ngati pali nambala ya foni muimbe muli pomwepo.

Wa pa Mchesi: Ndapitako masana ano. Nambala ndi zosiyana bokosi lililonse, waranti ilimo, koma panyale penipeni palibe nambala iliyonse, ndipo mwini wake akukana kulemba lisiti.

Mayi a ku Limbe: Wokana lisiti ine ayi, waranti yo mukaitengera kwa ndani?

Mkulu wa ku Mzuzu: Za nambala panyale sindingagamule, yang'anani kunsi kapena kuseri kwa kachitsulo koimikira. Gulani imodzi yokha, muitchaje tsiku lonse padzuwa, muyatse madzulo nkulemba nthawi imene yazima.

Wa pa Mchesi: Chabwino nditero mawa. Nanga zakale zatsala 14 zija nditani nazo, wondigulitsa uja foni sakuyankha.