Nkhani ya uthenga wofika theka

Wina wafunsa kuti: "Ndikulemba nkhani ya mayi wa ku Ndirande amene uthenga wa mwana wake wa ku Joni wafika theka. Izi zimachitikadi?"

Inde, zimachitika pa SMS, osati pa WhatsApp, pomwe mawu amafika onse kapena safika. SMS imodzi imanyamula zilembo 160. Wautali umagawidwa m'zidutswa za zilembo 153, ndipo foni yolandira imazilumikiza. Chidutswa china chikachedwa, uthengawo ungaoneke theka. Mwanayo akaika kachithunzi ka nkhope, chidutswa chimatsikira pa zilembo 67, choncho uthenga waufupi ungaduke katatu.

Ndiye mayiyo akhale ndi kafoni ka mabatani. Dulani uthengawo pakati pa liwu, osati pothera chiganizo. Chidutswa chofikacho chithere motere: "Amayi musadandaule, ndili kuchipa". Chidutswa chotsalacho chingafike mawa.